Imelo yopita kwa pulofesa si kalata yopempha ganyu

Pa sikolashipu zambiri za PhD mpikisano umayamba fomu isanatsegulidwe. Umayambira pa imelo imodzi yaifupi, imene munthu amalembera mphunzitsi wa pa yunivesite ina yemwe sanaonanepo naye, kumufunsa ngati angavomere kukhala supavaiza wake, ndiye kuti woyang'anira kafukufuku wake. Anzanga angapo a m'kalasi akhala akundipatsa maimelo otere kuti ndiwaonere Chingerezi asanatumize, ndipo Chingerezicho nthawi zambiri chimakhala chabwinobwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mtima wa kalatayo. Timalemba ngati munthu amene wagwada pakhonde la bwana kupempha ganyu, chonsecho amene tikumulemberayo akusaka munthu woti agwire naye ntchito zaka zitatu kapena zinayi.

Imeloyi ili ndi mphamvu chifukwa cha malamulo a eni ndalama. Tengani sikolashipu ya PhD ya Commonwealth, imene boma la Britain limalipirira ophunzira ochokera m'maiko osauka ngati lathuli. Pa zikalata zimene amafuna pali kalata yochokera kwa mphunzitsi wa pa yunivesite ya ku Britain, yonena kuti iye ndi wokonzeka kukuyang'anirani pa kafukufuku amene mwatchulayo. Popanda kalata imeneyi pempho lanu silikwanira, ngakhale mutakhala kuti munaposa kalasi yonse. Nawo a DAAD a ku Germany, pa njira ija yoti pulofesa mmodzi ndiye akutengeni, amafuna kalata ya pulofesayo yovomereza. Mphunzitsi sangalembe kalata yotere kwa munthu amene sakumudziwa, ndipo kwa ife amene sitipita ku misonkhano ya akatswiri kunja, khomo lokhalo lodziwanirana ndi imelo.

Kalata imene timalemba ambirife mukuidziwa. Imayamba ndi `Dear Sir/Madam`. Kenako imafotokoza kuti wolembayo anabadwira m'banja losauka, anakula ndi agogo, ankayenda mtunda wautali wapansi kupita kusekondale, ndipo wakhala akukonda kafukufuku kuyambira ali mwana. Imayamikira "ntchito yapamwamba" ya pulofesayo osatchula ntchito yake ndi iti. Imamaliza ndi mawu oti wolembayo ndi wokonzeka kuphunzira chilichonse chimene bwana angasankhe, ndipo pansi pake pamakhala mafailo asanu ndi atatu, kuphatikizapo satifiketi ya MSCE yojambulidwa ndi foni.

Sindikuseka kalata imeneyi, chifukwa ili ndi kwawo. Ndi kalata imene tinaphunzira polembera makomiti a basale, ndipo kumeneko imagwira ntchito, popeza funso la komiti ya basale ndi loti wovutikitsitsa ndani. Koma supavaiza ali ndi mafunso ena. Iye akakhala pansi kulemba kalata yokuvomerezani, ayenera kunena kuti funso lanu ndi lomveka, kuti lingayankhidwe m'miyezi 36, kuti likugwirizana ndi zimene iye amadziwa, ndiponso kuti inu muli ndi luso loyambira. Umphawi wanu sangauikire umboni, ndipo palibe amene akumufunsa za umenewo. Choncho imelo yabwino ndi imene imamupatsa zomangira kalata yakeyo. Akawerenga yanu n'kupeza kuti alibe poyambira, amaitseka, si kuti ndi woipa mtima ayi.

Palinso china chimene sitikonda kuchinena. Imelo yochokera ku adiresi yachilendo, yoyamba ndi moni wautali, yotchula Mulungu ndi mavuto a ndalama m'ndime yoyamba, yokhala ndi mafailo ambiri, imafanana kwambiri ndi maimelo a akathyali amene anthu a kunjawa anatopa nawo. Mwina makina osefa makalata aiponya kudzala mwini wake asanaione. Ngati adiresi ya yunivesite yanu ikugwirabe ntchito, tumizirani imeneyo.

Tsono tiyeni tione mmene munthu wa kwathu ku Ntcheu angachitire, ndipo ndisankha nkhani ya nandolo chifukwa ndi imene ndimaidziwa. Kuyambira mu 2012, pulojekiti ya Africa RISING inakhala ikuchita kafukufuku wa zaulimi m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ndipo kwathu kuno inali ku Kandeu ndi ku Nsipe. Ntchitoyi m'Malawi ankaitsogolera ndi a Michigan State University, pamodzi ndi LUANAR ndi alangizi a boma. Ankagwiritsa ntchito njira ya minda ya mayi ndi ana, imene Pulofesa Sieglinde Snapp anaiyambitsa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990: munda umodzi waukulu umayesa njira zonse, ndipo alimi ozungulira amasankhapo ziwiri kapena zitatu kukayesa m'minda mwawo. Njira imene inatchuka ndi yophatikiza nandolo ndi mtedza m'munda umodzi. Nandolo amakula pang'onopang'ono m'miyezi yoyamba, ndiye mtedza umapeza mpata wake. Mtedza ukakumbidwa nandolo amapitiriza, amayoyola masamba, amasiya chonde m'nthaka, ndipo chimanga cha chaka chotsatira chimapindula.

Zonsezi zinalembedwa m'mapepala ambiri, ndipo aliyense wa dziko lililonse angaziwerenge. Chimene mwana wa ku Nsipe ali nacho ndi zimene zimachitika mvula ikatha. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, m'midzi yambiri mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa kuti zikadye mapesi. Nandolo nthawi imeneyo akadali m'munda, wobiriwira yekha pakati pa minda youma, ndipo mbuzi sizifuna kuitanidwa. M'midzi ina amfumu amaika lamulo loti ziweto zikhalebe pachingwe kapena ndi m'busa, wophwanya alipe. M'midzi ina mwini nandolo amangodandaula, makamaka ngati mwini ng'ombezo ndi munthu amene sungamutengere kubwalo. M'mapepala amene ine ndawerenga vutoli limatchulidwa ndithu, koma mwachidule, ngati chimodzi mwa zopinga. Kwa munthu amene anakula akuthamangitsa mbuzi m'munda mwa amayi ake, limeneli ndi funso la PhD lathunthu: kodi malamulo a m'mudzi okhudza ziweto ndiwo amagamula kuti nandolo akhazikike kapena asiyidwe?

Funso likapezeka, ntchito yotsatira ndi kupeza woyenera kumulembera, ndipo apa ambiri timapupuluma. Timangotenga dzina lotchuka limene lili pa pepala. Koma anthu amasamuka. Pulofesa Snapp mwiniwakeyo anapita kukatsogolera nthambi ina ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu limene likulu lake lili ku Mexico, ndipo bungwelo si yunivesite yopereka madigiri. Komanso ngati ndalama imene mukuifuna ndi ya Commonwealth, supavaiza ayenera kukhala pa yunivesite ya ku Britain. Njira yake ndi iyi. Pezani pepala la nandolo la ku Ntcheu pa Google Scholar, dinani `Cited by`, muone amene alitchula m'zaka zitatu zapitazi, ndipo mwa iwowo musankhe amene ali m'dziko limene ndalama yanu imalola. Kenako tsegulani tsamba la munthuyo pa yunivesite yake. Pamenepo mudziwa ngati anapuma pantchito, ngati ndi mayi kapena bambo, ngati ndi dokotala kapena pulofesa, ndipo nthawi zina amachita kulemba kuti akulandira ophunzira a PhD kapena ayi. Ine ndimalimbikitsa anzanga kuti asamanyoze aphunzitsi achinyamata amene angoyamba kumene. Iwowo amafuna ophunzira kuti ntchito yawo ikule, ndipo amawerenga maimelo awo okha.

Mukamupeza, werengani mapepala ake awiri, onse, kuphatikizapo gawo la njira zimene anatsata ndi gawo lomaliza lija limene ofufuza amavomereza zimene sanathe kuyankha. Chiganizo chanu chofunika kwambiri chichokera m'gawo limenelo.

Nayi imelo yongoyerekeza. Idzalembedwa m'Chingerezi, koma ndaiika m'Chichewa kuti tione mafupa ake. Munthu wake, pepala lake ndi nambala zake ndi zachitsanzo chabe.

Mutu: Kufunsa za PhD ya nandolo ndi ziweto ku Ntcheu, Malawi, sikolashipu ya Commonwealth

A Dokotala Uje,

Ndine Uje, ndikumaliza digiri ya masitazi ya zaulimi ku LUANAR m'Malawi. Pa kafukufuku wanga ndinacheza ndi alimi 40 a ku Nsipe m'boma la Ntcheu amene anayesapo kuphatikiza nandolo ndi mtedza, ndipo ambiri mwa amene anasiya anatchula mbuzi zomasulidwa chimanga chikakololedwa.

Pepala lanu la chaka chatha linasonyeza kuti alimi anachepetsa nandolo mtengo utagwa, koma munanena kuti simunathe kufotokoza chifukwa chake midzi yoyandikana inasiyana. Ndikuganiza kuti mbali ina ya yankho ili m'malamulo a mafumu okhudza ziweto. Ndikufuna kufananiza midzi imene ili ndi lamulo lotere ndi imene ilibe, kwa nyengo ziwiri za chilimwe, poyeza zokolola ndi kufunsa mabanja.

Ndikukonzekera kupempha sikolashipu ya Commonwealth, imene imatseka mu Okutobala ndipo imafuna kalata ya supavaiza. Kodi mukulandira ophunzira atsopano chaka chamawa? Ngati funsoli likugwirizana ndi ntchito yanu, nditha kutumiza pulopozo ya masamba awiri. Ndaphatikiza CV yanga.

Ine wanu, Uje.

Mawu ake sakufika 200, ndipo munthu angaiwerenge yonse pafoni ali pamzere wogula tiyi. Ndime yoyamba ikunena chimene wolembayo anachita ndi manja ake. Onani kuti sakuti "ndimakonda zaulimi". Akuti alimi 40, ku Nsipe, ndi chimene anamva. Nambala yaing'ono yoona imaposa mawu akuluakulu, chifukwa imasonyeza kuti munthuyu anapitapo kumunda ndi fomu ya mafunso, anabwerako, n'kuwerengera.

Ndime yachiwiri ndiyo imagula kapena kugulitsa. Sikuyamikira pepala, ikulankhula nalo. Nkhani ya mtengo si yopeka: mu 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dziko lawo pachaka, ndipo mtengo unagwa koopsa m'misika yathu. Wofufuza wa kunja amene akuona nambala zokha angaganize kuti mtengo wafotokoza zonse. Wolemba imeloyu akuti, mwaulemu, pali china chimene mwina simunachione, ndipo ine ndili pamalo oti ndingachiyeze. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani iyi mlendo ndinu. Samalani kokha kuti zimene mukunena za pepala lake zikhale zoona. Mukamunamizira mfundo imene sanalembe, wadziwa kale kuti munangowerenga chidule cha pamwamba.

Mawu oti "nyengo ziwiri za chilimwe" akuoneka ang'onoang'ono koma anyamula masamu. Sikolashipu ndi ya miyezi 36, ndipo maphunziro amayamba chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala. Miyezi yoyamba imathera kuwerenga, kukonza pulopozo yeniyeni ndi kupeza chilolezo cha makomiti oona za kafukufuku, ku yunivesite kuja ndi kuno kumudzi. Nkhondo ya mbuzi ndi nandolo imachitika pakati pa Juni ndi Seputembala, ndiye chilimwe choyamba chikukupezani m'mwezi wachisanu ndi chinayi, mutakonzeka. Chachiwiri chikubwera chaka chotsatira. Chaka chachitatu n'cholemba. Funso lomwelo likanafuna nyengo zinayi za dzinja, supavaiza wozindikira akanaona pomwepo kuti silikwana m'ndalama imene ilipo. Simuyenera kulemba masamu onsewa mu imelo, koma muyenera kukhala mutawachita.

Ndime yachitatu ikutchula ndalama ndi dzina lake. Anzanga ena amaopa kutero, poganiza kuti kutchula ndalama pa kalata yoyamba ndi mwano. Ine ndimaona mosiyana. Mphunzitsi akalandira imelo yochokera ku Malawi, funso loyamba m'mutu mwake ndi loti adzalipira ndani. Mukangoti "ndikufuna sikolashipu", akumva kuti mukufuna iye akusakireni, ndipo ambiri alibe thumba lotere. Mukati Commonwealth, Okutobala, kalata imodzi, mwamuuza kukula kwa katundu amene mukumusenzetsa, ndipo ndi wopepuka. Pomaliza pali funso limodzi loyankhika ndi inde kapena ayi. Musafunse zisanu. Failo ikhale imodzi, CV ya masamba awiri mu PDF, yokhala ndi dzina lanu pa dzina la failoyo. Masatifiketi adzawaitanitsa a ofesi yolembetsa ophunzira nthawi yake ikakwana.

Za nthawi, werengerani chobwerera m'mbuyo. M'zaka zapitazi fomu ya Commonwealth yakhala ikutseka chapakati pa Okutobala, ndipo kuno muyeneranso kudzera ku nthambi ya boma imene imasankha maina oti apite ku London, imene imakhala ndi ndondomeko yakeyake. Supavaiza amafuna masabata angapo kuti alembe kalata. Izi zisanachitike, pulopozo iyenera kupita ndi kubwerako kawiri kapena katatu, ndipo mwina adzafuna mulankhulane pa vidiyo. Mu Ogasiti aphunzitsi ambiri a ku Ulaya amakhala pa tchuthi, ndipo chakumapeto kwa Seputembala amamira m'ntchito yolandira ophunzira atsopano. Mukaphatikiza zonsezi, imelo yoyamba iyenera kuchoka mu Meyi kapena Juni, pamene kwathu tikukolola. Amene amalemba pa 1 Okutobala kuti akufuna kalata pofika Lachisanu akupempha munthu kuti aikire umboni mlendo usiku.

Si kulikonse kumene imelo yotere imafunika, ndipo kulemba kumene sikufunika n'kutaya bandulo. Ku Netherlands, Sweden, Norway ndi Denmark, malo ambiri a PhD amalengezedwa ngati ntchito ya malipiro, mutu wake utasankhidwa kale. Kumeneko funso lanu la nandolo silingasinthe pulojekiti yawo. Imelo, ngati ikufunika n'komwe, ikhale funso limodzi lenileni lokhudza malo alengezedwawo. Ku America m'madipatimenti ambiri amene amasankha ndi komiti, ndipo mafomu ambiri amatseka mu Disembala. M'maphunziro a sayansi ya nthaka ndi mbewu mawu a pulofesa amalemera chifukwa ndalama imachokera m'pulojekiti yake, pomwe m'maphunziro a zachuma kawirikawiri sayembekezera kuti muyambe mwapeza supavaiza. Tsamba la dipatimenti limanena. Ku Britain kulinso malo olipiridwa ndi UKRI, amene kuyambira mu 2021 anatsegulidwa kwa ophunzira a maiko ena, koma osapitirira 30 pa 100 alionse, ndipo UKRI imalipira fizi ya mlingo wa nzika zokha. Ngati mukulembera malo otere, funso lanu limodzi lija likhale loti kodi yunivesite imachotsa kusiyana kwa fizi kwa wophunzira wakunja. Kusiyanako ndi mapaundi masauzande ambiri pachaka, ndipo ndi bwino kudziwiratu musanaike mtima.

Wina anganditsutse kuti ndikuphunzitsa anthu kuvula ulemu umene tinaleredwa nawo. Ifetu a ku Ntcheu timadziwa kuti wamkulu sumufikira chiimire, ndipo sumuuza kuti pepala lake lili ndi dzenje. Ndikumva kulemera kwa mfundoyi, chifukwa inenso chala chimanjenjemera ndikafika pa ndime yachiwiri ija. Koma ulemu uli ndi mayankhulidwe ake kulikonse. Kwa wofufuza, ulemu waukulu ndi kumuwerenga, kulemba dzina lake molondola, ndi kusamutayitsa nthawi. Kulembera mayi pulofesa kuti `Dear Sir` ndi mwano woposa kumufunsa funso lovuta.

Ndipo pali mwambo wathu umodzi umene umagwira ntchito kunjako monga mmene umagwirira kwathu. Munthu sapita kwa Inkosi ya Makhosi Gomani yekha ngati akupita kugolosale. Amadzera kwa nduna. Aphunzitsi athu ambiri a ku LUANAR, UNIMA, MUBAS, KUHeS, MUST ndi Mzuni anachita PhD zawo kunja ndipo analembapo mapepala ndi anthu amene ife tikuwaopawo. Yang'anani maina onse a pa pepala lija. Mwina mupezapo mphunzitsi amene mumakumana naye pakhonde la dipatimenti. Mupempheni alembe mizere iwiri yokudziwitsani, kapena akuloleni kutchula dzina lake m'chiganizo choyamba. Imelo yoyamba ndi dzina la mnzake imatsegulidwa msanga. Musatchule dzina la munthu musanamupemphe, chifukwa pulofesayo adzamufunsa.

Chotsutsa chachiwiri n'chowawa kwambiri, ndipo sindikufuna kuchibisa. Ofufuza atatu, Katherine Milkman, Modupe Akinola ndi Dolly Chugh, anatumiza maimelo kwa mapulofesa oposa 6,500 m'mayunivesite 259 a ku America, akudzionetsa ngati ophunzira ofuna PhD amene akupempha mphindi khumi zocheza. Mawu a imelo anali pafupifupi amodzimodzi. Chinkasintha kwenikweni ndi dzina la wolemba, kuti lioneke la mzungu, la munthu wakuda, la Mmwenye, la Mtchaina kapena la wochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi, lachimuna kapena lachikazi. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anayankhidwa, koma maina a amuna achizungu ankayankhidwa kwambiri kuposa ena, makamaka m'mayunivesite omwe si aboma ndi m'maphunziro a malipiro apamwamba. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2012 ndi mu 2015. Ndiye imelo yabwino si mankhwala a tsankho, ndipo chete wa pulofesa si chigamulo pa nzeru zanu. Chimene ine ndikutengapo n'chakuti munthu asapachike chaka chake chonse pa khomo limodzi. Lemberani atatu kapena anayi a m'mayunivesite osiyana, aliyense imelo yakeyake yochokera m'mapepala ake. Koma musalembere awiri a dipatimenti imodzi mobisa, chifukwa amamwera tiyi chipinda chimodzi, ndipo musaike maina onse pa imelo imodzi.

Chachitatu ndi ngozi imene ili m'malangizo angawa. Mukauza munthu wakunja kuti mumadziwa midzi, mumalankhula chilankhulo ndipo mafumu amakudziwani, mukhoza kulandira yankho lokoma loti ali ndi wophunzira wina amene akubwera ku Malawi ndipo angakonde mutamuthandiza. Kumeneko ndi kusanduka wonyamula chikwama pa funso lanu lomwe. Ntchito yotere si yoipa ngati ili ndi malipiro ndi mgwirizano woti dzina lanu lidzakhala pa pepala, koma si PhD. N'chifukwa chake mu imelo ija wolemba wanena funso ndi njira mwachidule, koma sanatumize mayankho a alimi 40 aja, maina a midzi, kapena chaputala cha kafukufuku wake wosasindikizidwa. Zimenezo zimadikira mpaka munthuyo atasonyeza kuti akulankhula za inu ngati wophunzira wake.

Yankho likabwera, liwerengeni modekha, chifukwa Chingerezi cha anthu awa chimabisa ayi m'mawu ofewa. Akangoti mukhoza kulembetsa kudzera pa tsamba la yunivesite ndipo akukufunirani zabwino, ameneyo sanalonjeze kanthu. Mufunseni kamodzi, mosazungulira, ngati angalembe kalata yokuvomerezani. Akati alibe malo koma yesani mnzanga wakuti, mwapata, chifukwa imelo yotsatira iyamba ndi dzina lake. Akakufunsani funso lovuta, monga loti mudzasiyanitsa bwanji mphamvu ya lamulo la amfumu ndi kuchuluka kwa mbuzi m'mudzimo, ameneyo wakodwa. Musayankhe m'mphindi zisanu pofuna kuonetsa changu. Tengani tsiku limodzi kapena awiri, muyankhe funso lomwelo, ndipo pamene simukudziwa nenani mmene mungafufuzire. Akakhala chete masabata awiri, tumizani mizere iwiri pansi pa imelo yoyamba ija, kamodzi kokha, kenako pitani kwa wina.

Akapempha kuti mulankhulane pa vidiyo, gwirizanani za ola mosamala. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, Britain imatsalira ola limodzi kumbuyo kwathu. Miyezi inayo imatsalira maola awiri. Ndipo ngati tchuthi chakupezani kumudzi cha ku Tsangano kapena ku Lizulu, kumene mseu ndiwo malire ndipo foni imatha kudumphira netiweki ya ku Mozambique, musayese mwayi. Tsikirani pa boma dzulo lake, tchajani laputopu ndi foni, gulani bandulo pa manambala awiri, ndipo muuzeni kale pa imelo kuti intaneti ikaduka mudzaimbanso ndi mawu okha.